Zikwama ziwiri za makilo 23: musaziwerenge ngati makilo 46

"Abale, ndikukwera ndege koyamba, kuchokera ku Lilongwe kupita ku London kudzera ku Addis Ababa. Pa tikiti palembedwa 2PC. Ndili ndi ufa, mpunga wa Kilombero, usipa ndi zovala. Ndilongedze bwanji kuti asandilipiritse pa bwalo la ndege?"

Achemwali, 2PC ikutanthauza zikwama ziwiri zolowa kunsi kwa ndege. Kwa okwera m'gawo wamba pa ulendo ngati wanuwu, chilichonse chimaloledwa kufika makilogalamu 23, koma tsegulani tikiti yanu muone pomwe palembedwa za katundu, chifukwa matikiti otsika mtengo ena amakhala ndi 1PC, ena 0PC, ngakhale ndege ili yomweyo.

Pomwe ambiri amagwera m'mbuna ndi apa: amaphatikiza 23 ndi 23 n'kunena kuti ali ndi makilo 46 oti agawe momwe afunira. Sizitero. Chikwama chilichonse chimayezedwa pachokha. Mukafika ndi china cha makilo 27 ndi china cha 17, zonse pamodzi ndi 44, koma choyambacho chapyola ndi makilo 4 ndipo mudzalipira. Chowawa n'chakuti pa matikiti owerenga zikwama, makampani ambiri salipiritsa kilo ndi kilo. Chikwama chikangodutsa 23, chalowa m'gulu la zolemera kwambiri, kuyambira 23 mpaka 32, ndipo mtengo wake umakhala umodzi, kaya mwapyola ndi makilo 2 kaya ndi 8. Chikadutsa 32 sachilandira n'komwe, ngakhale mutatulutsa ndalama, chifukwa malire amenewo anaikidwa poteteza misana ya anthu onyamula katundu. Mudzauzidwa kuti muchitsegule pomwepo, anthu a pamzere akuyang'ana.

Matikiti ena amalemba kulemera kokha, monga 30K. Amenewo ndiwo amalola kugawa makilowo m'zikwama zingapo. Anu si otero.

Pali malire enanso omwe anthu amaiwala, a kukula kwa chikwama. Yezani kutalika, m'lifupi ndi kunenepa kwake, kuphatikizapo mateyala ndi chogwirira, ndipo muwonkhetse. Zisapitirire masentimita 158. Sutikesi zikuluzikulu za pamsika zina zimadutsa pamenepa zisanalowe kanthu.

Tsopano kulongedza. Yambani ndi kuyeza sutikesi ili yopanda kanthu. Yaikulu yolimba kunja imalemera makilo 4 kapena 5, ndiye kuti katundu weniweni amene mungaikemo ndi makilo 18 kapena 19 basi. Chikwama chansalu chopanda mateyala chimapepuka kwambiri, ndipo ngati chimodzi mwa ziwirizo chingakhale chotere, mwapindula makilo awiri kapena atatu a ufa.

Tiyerekeze kuti muli ndi ufa makilo 10, mpunga makilo 10, usipa makilo 3, nsinjiro makilo 2, zovala ndi zitenje makilo 9, nsapato ndi mafuta odzola makilo 3. Zonse ndi makilo 37. Sutikesi ziwiri za makilo 4 chilichonse zikufikitsa pa 45. Pa pepala zikukwana, koma mukatsata chizolowezi choika zakudya zonse m'chikwama chimodzi, chimenecho chidzalemera 29, chinacho 16, ndipo mwalipira. Gawani zolemerazo pakati: ufa makilo 5 ndi mpunga makilo 5 m'chikwama chilichonse. Ndi sutikesi yomwe, chilichonse chafika 14. Choyamba onjezanimo usipa, nsinjiro ndi nsapato ndi mafuta aja, makilo 8, chifike 22. Chachiwiri chilandire zovala, koma osati zonse 9. Chotsanipo makilo awiri, jekete yolemera ndi jinzi, muvale kapena muike m'chikwama cha m'manja, kuti chiime pa 21. Jeketeyo mudzaifuna ndithu mukatsika ku London.

Ine ndimati lingani 22, osati 23. Sikelo ya kunyumba ndi ya pa Kamuzu International Airport sizigwirizana nthawi zonse, ndipo pulasitiki yokulungira chikwama, loko ndi kanthu kamene azakhali adzakupatsirani m'mawa wa ulendo zimawonjezera. Theka la kilo wantchito wina amalilekerera, wina ayi, ndipo simungadziwiretu amene mudzamupeze.

Sikelo yabwino ndi yapamanja yokoleka, yoonetsa manambala. Ngati muli ndi yoimapo munthu, musagoneke sutikesi pamenepo chifukwa mbali ina imakhudza pansi n'kuonetsa makilo ochepa. Dziyezeni nokha, kenako mudziyeze mutanyamula chikwamacho, muchotsere. Musanaikhulupirire sikelo iliyonse, makamaka yobwereka kwa ogula mbewu, iyeseni ndi chinthu chodziwika kulemera: malita 5 a madzi ndi makilo 5, kuwonjezapo pang'ono pa chigubu.

Zamadzimadzi n'zimene zimadya makilo mwakachetechete. Botolo la Sobo la malita 2 limapitirira makilo 2, ndipo mabotolo agalasi a tsabola amalemera ndi galasi lomwe. Simungazithawitsire m'chikwama cha m'manja, chifukwa mmenemo botolo lililonse siliyenera kupitirira mamililita 100. Sankhani chimodzi chimene mtima wanu ukuchifunadi, mumange pa chitsekerero ndi tepi, muchiike m'mapepala apulasitiki awiri pakati pa zovala. Ufa nawonso muugawe m'mapaketi a makilo awiri kapena awiri ndi theka, omangidwa kawiri. Paketi imodzi ya makilo 10 ikaphulika yawononga chikwama chonse, komanso pa kauntala simungaidule. Timapaketi ting'onoting'ono mumangosuntha kamodzi kupita ku chikwama chinacho, nkhani yatha. N'chifukwa chake ndi bwino paketi imodzi kuiika pamwamba penipeni, ndiponso kuyezetsa zikwama musanazikulunge ndi pulasitiki.

Mapepala ochotsa mpweya m'zovala aja samachepetsa kulemera. Amangopereka malo, ndipo malowo amakunyengani kuti muwonjezere zina.

Chikwama cha m'manja chili ndi malire akenso, nthawi zambiri makilo 7, ndipo amatha kuchiyeza pa kauntala kapena pakhomo lokwerera. Mmenemo muike laputopu, mankhwala, mapepala ofunika ndi pawabanki. Pawabanki ndi mabatire apadera saloledwa kunsi kwa ndege chifukwa amatha kuyaka, ndipo akaoneka pa makina chikwama chanu chingatsale.

Ngati mwayeza n'kupeza kuti zonse zikupyola 46 ndi makilo ambiri, musadikire pa bwalo. Funsani kampani ya ndegeyo kapena amene anakugulitsani tikiti mitengo iwiri: wa chikwama cholemera kwambiri ndi wa chikwama chachitatu. Choyambacho chimakupatsani makilo 9 owonjezera, chachiwiri 23, ndipo kugula pasadakhale pa intaneti nthawi zambiri kumatsika mtengo kuposa pa kauntala. Mufanizenso ndi mtengo wa katunduyo. Kulipirira mpunga ndalama zoposa zimene mungaugulire kumeneko n'kutaya ndalama. Usipa ndi ufa woyera wa kwanu ndi zomwe zili zovuta kupeza.

Chenjerani ngati kuchokera ku London muli ndi ndege ina ya pa tikiti yosiyana, tinene yopita ku Edinburgh kapena ku Belfast. 2PC yanu imathera pomwe tikiti yoyamba yathera. Ndege zotchipa za kumeneko zimagulitsa tikiti yopanda chikwama cha kunsi, ndiye zikwama ziwirizo muyenera kuzigulira malo padera musanafike. Ndipo musawonongere makilo pa nyama yowamba kapena zamkaka, chifukwa Britain salola zimenezi kuchokera ku Malawi. Nsomba zouma amalola mpaka makilo 20 pa munthu, choncho usipa wanu wa makilo 3 ulibe vuto, bola muumange bwino fungo lisalowe m'zitenje.