Musanasankhe ERP, jambulani kaye tebulo la zosowa

"Kampani yathu kuno ku Zomba imagula mpunga ndi nandolo, tili ndi madepoti atatu. Mabwana akufuna ERP chaka chino, ndipo wina watiuza kuti titsate ADM ya TOGAF. ERP yabwino ndi iti? Satifiketi ya TOGAF ndi yofunika? Tiyambire pati?"

Achemwali, ndiyankha funso lanu lomaliza lokha, chifukwa ndi limene linandipweteketsapo mutu. ERP ndi pulogalamu imodzi yoyendetsera zogula, sitoko ndi maakaunti a kampani pamodzi, koma amene akukutchulirani mayina a mapulogalamu otere monga Odoo ndi SAP sanakufunseni n'komwe kuti kalaliki wanu wa pasikelo amalemba chiyani m'buku, ndiye mayankho awo muwasunge kaye pambali.

TOGAF ndi buku lotsogolera pokonza mapulani a bizinesi ndi makompyuta a kampani, la bungwe la The Open Group, ndipo linatuluka koyamba mu 1995. ADM ndi njira yake yogwirira ntchito, ndipo magawo ake amatchulidwa ndi zilembo, A mpaka H. Kampani ya madepoti atatu isadzivute ndi zikalata zonse zimene bukulo limatchula, pakuti nalo lomwe limanena kuti njirayi muidule molingana ndi msinkhu wanu. Koma pali chinthu chimodzi chimene musalumphe. M'magawo B, C ndi D mumalemba mmene zinthu zilili lero ndi mmene mukufuna zidzakhalire: B ndi kayendedwe ka bizinesi, C ndi deta ndi mapulogalamu, D ndi makompyuta, netiweki ndi magetsi. Mukatero mumafananiza ziwirizo patebulo. Zimene muli nazo lero mumazindandalika kumanzere kutsika pansi, zimene mukufuna mumaziyala pamwamba. Pansi penipeni muwonjezere mzere wa zatsopano, kumapeto kumanja muwonjezere kolamu ya zochotsedwa. Chilichonse cha lero chimene sichikupeza mnzake pamwamba chimagwera mu kolamu ya zochotsedwayo, ndipo pamenepo mudzifunse: tachichotsa dala, kapena tangochiiwala?

Ife funso limeneli sitinalifunse. Ndinkagwira ntchito pakampani ina yogula ndi kupuntha mpunga, yofanana ndi yanuyo. Ogulitsa pulogalamu anabwera ndi ndondomeko yawo yokonzakonza: mojulo ya zogula, ya sitoko ndi ya maakaunti, zonse ziyambe tsiku limodzi. Mabwana anavomera, tinayatsa mu Meyi, alimi a kudambo la Chilwa atayamba kale kubweretsa mpunga. Pasanathe milungu iwiri zinadziwika kuti taiwala kabuku ka ngongole. Kampani inkapatsa alimi mbewu ndi matumba pangongole, ndipo kalaliki aliyense anali ndi kabuku kake komwe ankaonamo zoti adule polipira. Kulikulu palibe amene ankakawerengera ngati mbali ya dongosolo la kampani, choncho mu ERP munalibe pokalowetsa. Makalaliki ena analipira alimi ndalama zonse osadula kanthu, ena anadula pamanja n'kulemba mukompyuta kuti agula makilo ochepa kuti ndalama zigwirizane. Pofika kumapeto kwa Juni, mpunga wa m'nyumba yosungira unali wochuluka kuposa wa mukompyuta, ndipo palibe amene akanatha kunena mlimi amene wabweza ndi amene sanabweze. Zinatitengera miyezi inayi kulondola malisiti limodzilimodzi. Tikanakhala pansi tsiku limodzi lokha ndi makalaliki n'kudzaza tebulo lija, kabukuko kakanaonekera kokha mu kolamu ya zochotsedwa.

Titabwerera m'mbuyo n'kuchita bwinobwino, tebulo linatulutsa zosowa zikuluzikulu zinayi. Ngongole za alimi ndi chimodzi. China chinali mayina a katundu: mu Excel munali mayina oposa 400, koma titachotsa obwerezabwereza anatsala osakwana 150, chifukwa depoti iliyonse inkalemba mpunga womwewo m'kalembedwe kake. Chachitatu chinali muyeso. Timagula mpunga wosapuntha m'matumba a makilo 50, koma thumba lotere likapunthidwa limatulutsa makilo pafupifupi 32, zotsalazo ndi mankhusu ndi gaga. Ngati pulogalamu sidziwa kusinthaku, idzakuuzani tsiku lililonse kuti mwaberedwa. Chomaliza chinachokera ku Gawo D: depoti imodzi netiweki inali yodukaduka, ndipo magetsi akazima ntchito inkaima.

Zosowazi ndi zimene Gawo E limasandutsa mitolo ya ntchito, ndipo limafuna muone mtolo umene ukudalira unzake. Sitoko singayende mayina ndi miyeso zisanakonzedwe. Zogula sizingayende popanda kaundula mmodzi wa alimi wokhala ndi ngongole zawo. Kupuntha kumadalira sitoko. Maakaunti sadalira netiweki ya kudepoti, bola malisiti azifika kulikulu. Mukangozilemba chonchi, ndondomeko ya chimene chiyambe ndi chimene chitsatire imaoneka yokha, ndipo si ija ya ogulitsa pulogalamu.

Gawo E lomweli limalolanso kuika malo opumira pakati pa lero ndi komwe mukupita. Aliwonse mwa malo amenewa ayenera kukhala oti kampani ikhoza kukhalapo chaka chathunthu ikugwira ntchito bwinobwino, ngakhale ndalama za polojekiti zitatha. Ife tinaika awiri. Poyamba maakaunti analowa mu ERP pamodzi ndi kaundula wa katundu ndi wa alimi, koma madepoti anapitiriza ndi mabuku a malisiti, omwe ankabwera Lachisanu lililonse kudzalowetsedwa. Pachiwiri zogula ndi sitoko zinayamba m'madepoti awiri a netiweki yabwino, inayo inadikira mpaka titaikako sola. Kupuntha ndi malipiro a antchito zinabwera pamapeto. Muyeso wa malo opumira abwino ndi uwu: muzitha kutchula buku limodzi kapena pulogalamu imodzi imene ikusunga nambala yoona ya chinthu chilichonse. Akauntanti akayamba kufunsa kuti "ndikhulupirire ziti, za m'buku kapena za mukompyuta?", dziwani kuti mwapumira pamalo olakwika.

Gawo F ndi loika masiku ndi ndalama, poyerekeza phindu, mtengo ndi chiopsezo cha mtolo uliwonse. Pano kalendala ya kumunda ndiyo ilamule. Mpunga umakugwirani kuyambira Meyi, usanathe nandolo wafika cha mu Ogasiti, ndiye chilichonse chokhudza sikelo chiyambe ndi kuyesedwa m'miyezi ya mvula, pamene madepoti ali zii. Maakaunti ayambe tsiku loyamba la chaka chanu cha ndalama kuti musakhale ndi chaka chogawika m'mapulogalamu awiri. Ngati zimenezi zikutanthauza kuti "chaka chino" cha mabwana chikhala cha maakaunti okha, auzeni msanga, tebulo lili m'manja.

Za mitengo, kwa ife laisensi sinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse. Zambiri zinathera kukonza deta, kuphunzitsa makalaliki ndi kulipira akatswiri masiku owonjezera. Funsaninso ngati laisensiyo ndi yolipira m'madola chaka ndi chaka, chifukwa mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Ndipo mukamalemba kontirakiti, muikemo kuti ogulitsa asasinthe khodi ya pulogalamu popanda siginecha ya munthu wa mbali yanu amene akusunga mapulani. Imeneyo ndiyo ntchito ya Gawo G. Kwathu munthu wotero kunalibe, moti zosintha zina tinazidziwa poika mtundu watsopano wa pulogalamu, malipoti atasiya kutuluka.

Sabata ino pitani kudepoti ya kutali kwambiri tsiku logula, mukhale pambali pa kalaliki kuyambira m'mawa, ndipo mulembe pepala lililonse ndi kabuku kalikonse kamene angagwire. Zimenezo ndi zimene mudzayambe kulemba kumanzere kwa tebulo lanu.