Mayankho 73 pa Maphunziro a Anthu 41

"Abale, tikamaliza msonkhano timatumiza linki ya mafunso kuti anthu apereke ndemanga, koma zikuoneka kuti ena amene akuyankha sanabwere n'komwe. Tingatani kuti ayankhe okhawo amene analipo?"

Mayi, chotsani linkiyo pa gulu la WhatsApp lero lomwe, chifukwa ndi mmene ine ndinachitira manyazi pamaso pa anthu amene ankatipatsa ndalama. Tinachititsa maphunziro a masiku atatu ku Mponela, tinaitana anthu 60, ndipo pa kaundula anasaina 41. Ndinakonza mafunso pa Google Forms n'kuwapereka kwa bwana wanga kuti awaone kaye, koma iwo osandiuza anangoponya linkiyo pa gulu limene munali oitanidwa onse, madalaivala, ngakhalenso akuluakulu amene anangobwera kudzatsegulira maphunzirowo n'kunyamuka tiyi asanafike. Patatha sabata tinali ndi mayankho 73, ndipo ine m'kupusa kwanga ndinakondwera kuti anthu ayankha mwaunyinji.

Tsiku lopereka lipoti, mayi wina wochokera ku bungwe lopereka thandizo anatsegula tsamba la kaundula, kenako tsamba la mayankho, n'kuwayika pamodzi patebulo. Anavula magalasi n'kufunsa mwaulemu kwambiri kuti zatheka bwanji kuti anthu 41 apereke mayankho 73. Ndisanatsegule pakamwa anafunsanso za mphunzitsi wa tsiku lachiwiri masana, amene anthu 19 anamuyamikira kuti anaphunzitsa bwino kwambiri. Mphunzitsiyo sanabwere, galimoto yake inawonongeka panjira, ndipo nthawi yake tinaigwiritsa ntchito pokambirana m'magulu, koma dzina lake linatsalabe pa fomu chifukwa ndinaikonza potengera pulogalamu yoyamba. M'chipindamo munangoti zii, moti ndinkamva kulira kwa fani yokha. Bwana wanga, amene anaponya linki ndi chala chawo, anatembenuka n'kunena kuti za mafomu amaziyendetsa ndi ine, ndipo adzaonetsetsa kuti ndalandira upangiri. Mpaka lero sanapepese, ndipo lipoti lonse ndinalilembanso ndekha usiku uwiri, iwo ali ku nyanja ku msonkhano wina.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti kaundula ndi mafunso ziyenera kukhala ndi chinthu chimodzi chofanana chozilumikizira, ndipo chinthucho sichingakhale dzina. Munthu yemweyo amasaina ndi dzina lathunthu Lolemba, Lachiwiri n'kulemba chilembo choyamba chokha, Lachitatu n'kuyamba ndi dzina la bambo. Nambala ya foni ndiyo imathandiza, koma nayonso iyenera kuyeretsedwa, chifukwa wina amalemba kuyambira ndi 099 kapena 088, wina ndi +265, wina amasiya mipata pakati, ndipo Excel imameza ziro woyambirira ikaona ngati ndi nambala yowerengera. Njira yake ndi kutenga manambala 9 omalizira okha, amene sasintha kaya munthu walemba motani. Ngati nambala zili mu kolamu B, mu kolamu yotsatira lembani izi n'kukokera pansi:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",""),9)
```

Ine ndimalemba masaini a masiku onse pa tsamba limodzi, mzere umodzi pa saini iliyonse, kenako ndimawerenga kuti nambala iliyonse yaoneka kangati. Apa ndi pamene muyenera kugwirizana msanga kuti kupezeka kukutanthauza chiyani, chifukwa munthu amene anakhala m'mawa umodzi wokha sangaweruze maphunziro a masiku atatu. Ife tinagwirizana masiku awiri mwa atatu, ndipo nditabwerera ku kaundula wa ku Mponela uja, mwa anthu 41 anatsala 34.

Aliyense mwa otsalawo mumupatse chizindikiro chakechake cha zilembo ndi manambala osakaniza, monga K7M4, osati 001, 002, 003, chifukwa manambala otsatizana munthu akhoza kungolota ya mnzake. Pa fomu ikani funso loyamba lofuna chizindikirocho, kenako gwiritsani ntchito njira ya pre-fill ya pa Google Forms kuti mupeze linki yokhala ndi chizindikiro cholembedwa kale. Mukasintha mbali yomalizira ya linkiyo, aliyense amakhala ndi yakeyake, ndipo mumaitumiza ku foni yake payekha, osati pagulu. Ena adzakuuzani kuti mungotsegula Limit to 1 response, koma imeneyo imakakamiza munthu kulowa ndi akaunti ya Google, ndipo ambiri mwa amene timawaphunzitsa anatsegulidwira akaunti ndi wogulitsa foni, mawu achinsinsi sawadziwa. Komanso imangoletsa kuyankha kawiri, sidziwa ngati munthuyo anali mu holo.

Dziwani kuti Google Forms payokha siiyang'ana m'kaundula wanu, choncho munthu wachilendo akhoza kuyankhabe, ndipo kusefa kumachitika mayankho akabwera. Ngati zizindikiro zili mu kolamu D ya tsamba lotchedwa Opezeka, ndipo woyankha walemba chake mu kolamu B ya tsamba la mayankho, lembani izi pa tsamba la mayankholo n'kukokera pansi:

```
=COUNTIF(Opezeka!D:D,B2)
```

Pamene patuluka 0, yankholo ndi la munthu amene mulibe m'kaundula, ndipo lichotsedwe. Muwerengenso kuti chizindikiro chilichonse chabwera kangati pa tsamba la mayankho, chifukwa chikabwera kawiri ndiye kuti mwina mwiniwake anabwereza netiweki itavuta, kapena anatumizira mnzake. Mayankho awiriwo akafanana ndipo asiyana mphindi zochepa, sungani limodzi, koma akasiyana maganizo ndiye kuti ndi anthu awiri, muimbireni foni mwiniwake. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ina ya mafomu yotchedwa KoboToolbox ali ndi mwayi, popeza akhoza kuyika kaundula ngati fayilo ya CSV n'kugwiritsa ntchito pulldata() kuti fomu ikane chizindikiro chosadziwika munthu asanapitirire.

Mbali imene ndimaiopa ndi yakuti anthu akazindikira kuti linki ndi yawoyawo amasiya kunena zoona, makamaka ngati akuyembekezera kudzaitanidwanso. Ulendo wotsatira mayankho anga anali oyera, ogwirizana ndi kaundula, koma pafupifupi onse ankati zonse zinali bwino, ngakhale madzi anatha ku zimbudzi tsiku lonse lachiwiri. Choncho tsamba lolumikiza mayina ndi zizindikiro lisungidwe ndi munthu mmodzi, bwana asalione, lifufutidwe lipoti likatha, ndipo izi muzilembe pamwamba pa fomu m'mawu omveka.

Komabe, kunena zoona, musaukhulupirire kwambiri kaundulayo. Pamene pali alawansi anthu amasainirana, ndipo pa mapepala a ku Mponela ndinapeza mayina anayi otsatizana olembedwa ndi dzanja limodzi komanso cholembera chimodzi chobiriwira. Mukalumikiza mafunso ku kaundula wotere, mwangowapatsa chilolezo anthu omwewo amene mumafuna kuwatsekera kunja. Masiku ano ndimasainitsa kawiri, m'mawa ndi masana, pepala lili m'manja mwanga pakhomo, ndipo ndimayikamo dala funso limodzi limene wosapezekapo angalakwitse, monga lofunsa gulu limene anakhalamo pa zokambirana. Ngati anthu anu sakupitirira 50, mwina zonse ndafotokozazi zisiyeni: sindikizani mafunso papepala, muwagawe mu holo tsiku lomaliza alawansi isanaperekedwe, osalemba mayina, muwerenge mapepala ndi mitu ya anthu nthawi yomweyo. Ndipo amene analembetsa koma sanabwere musawataye, atumizireni funso limodzi lapadera lofunsa chimene chinawalepheretsa, kungoti mayankho awo asalowe pa tsamba limodzi ndi a anzawo.