Kodi umbanda wachulukadi mu Lusaka, kapena ndi mafoni athu?

"Achimwene, ndimakhala ku Chilenje ndi amayi anga. Tsiku lililonse amandionetsa mavidiyo a majanki akulanda anthu mafoni, ndipo tsopano akukaniza ana anga ngakhale kupita kukantemba. Ine sindinaberedwepo. Kodi zinthu zaipadi chonchi, kapena akutiopseza ndi a nkhani? Ndiwauze chiyani amayi?"

Achemwali, kalata yanu ndinakhala nayo masiku atatu osayankha, chifukwa yandikumbutsa usiku wina umene sindikonda kuukamba. Amayi anuwo musawaseke. Ineyo ndinachita zoposa iwo.

Munali mu Febuluwale 2020, nthawi ya magasa. Mukukumbukira kuti nkhani ija inayambira ku Chingola, kuti pali anthu amene akupopera mankhwala m'nyumba usiku kuti eni ake akomoke. Pofika mwezi umenewo inali itadzaza Lusaka yense, asilikali ali m'misewu. Nthawi imeneyo ndinkachita lendi m'komboni ina kumadzulo kwa tauni, ndipo amuna tinagawana masiku olondera. Aliyense ndi wisulo pakhosi, chibonga m'manja. Azimayi ankagona ndi mapoto pafupi kuti akamva kanthu awaombe.

Usiku wina cha m'ma 1 koloko mapoto analira kuseri kwa nyumba yathu. Tinapeza mayi wina ali panja akusanza, ana ake awiri akulira kuti mutu ukuwawa. Wina anakuwa kuti "awagasa!" ndipo palibe anafunsanso china. Tinabalalika kufuna munthu. Tinamupezadi: mnyamata wa jekete lakuda, kachikwama kumsana, akuyenda mofulumira. Anthu anamugwetsa, ndipo ine ndinali pomwepo, chibonga m'mwamba. Anamupulumutsa ndi agogo ena amene anamuunika ndi tochi n'kunena kuti, "Uyu si mwana wa amake uje, amene amagwira ntchito kubekari?" M'kachikwama muja munali yunifomu ndi mabanzi anayi.

Kutacha ndinalowa m'nyumba ya mayi uja. Mawindo onse anali atawatseka ndi mapulasitiki, pansi pa chitseko atatsekapo ndi chitenje chonyowa, kuopa gasi. Pakona panali mbaula, chifukwa magetsi anali atapita ndipo anaphikira m'nyumba kuopa kukhala panja kukada. Makala akamayaka m'chipinda chopanda mpweya amatulutsa utsi wosaoneka, wosanunkha, umene umapweteketsa mutu, kuchititsa chizungulire ndi kusanza, ndipo umapha. Sindine dokotala, koma ndinaona ndi maso anga kuti mantha a gasi ndi amene anatseka mawindo aja.

Chimene chinandisintha maganizo si mbaulayo ayi. Ndi zimene zinachitika pa foni yanga tsiku lomwelo. M'mawa kunabwera uthenga wa mawu pa WhatsApp: banja lagasidwa m'komboni mwathu. Cha m'ma 10 kunabwera wina, mawu a munthu wina, akuti ana awiri ali kuchipatala. Masana munthu anaimba pa pulogalamu ya wailesi kunena kuti wogasa anagwidwa koma wathawa. Tsamba lina la pa Facebook linalemba nkhaniyo n'kuikapo chithunzi cha nyumba ya malata ofiira, pamene ya mayi uja ndi ya asibesitasi. Madzulo mlongo wanga wa ku Matero anandiimbira akunjenjemera, ati wamva kuti kwathu nyumba zinayi zagasidwa. Ndinakhala pansi n'kuwerenga. Nyumba inali imodzi, nkhani zinali zisanu kuphatikizapo yakeyo, ndipo iye anawerenga iliyonse ya zinayi zinazo ngati nyumba yakeyake. Panalibe amene anakhala pansi kuti apeke bodza. Aliyense ankangopereka zimene wamva, atathirako kamchere pang'ono.

Umu ndi mmene mantha amakulira kuposa chinthu choopedwacho. Mutu wa munthu suwerenga milandu, umawerenga kuti wamva kangati. Katswiri wina wa ku Britain, Stanley Cohen, analemba za zimenezi mu 1972 atafufuza mmene manyuzipepala anakuzira timikangano ta achinyamata m'matauni a m'mbali mwa nyanja mu 1964. Anaonetsa kuti nkhani ikakula, anthu amasankha gulu limodzi loti likhale mdyerekezi wawo, apolisi amayamba kugwira ambiri a gululo, ndipo kugwidwako kumasanduka nkhani ina yotsimikizira kuti zinthu zaipadi. Kwathu kuno tinaziona mu Epulo 2016. Anthu anaphedwadi ku George ndi ku Zingalume, matupi akupezeka atachotsedwa ziwalo. Zimenezo sizinali zopeka. Koma mphekesera inaloza anthu a ku Rwanda a timashopu, mashopu oposa 60 anaphwanyidwa, ndipo anthu awiri amene anawotchedwa ku Kanyama anali a Zambia omwe. Apolisi atagwira oganiziridwa anayi mwezi wotsatira, panali asilikali awiri, wogwira ntchito wa gulu la ndege zankhondo ndi sing'anga. Ndi angati mwa amene ananyamula matumba a shuga m'mashopu aja anabwerera kukapepesa?

Apa ndiye pamene ndimakwiyira a nkhani, ndipo sindibweza mawu. Tsiku loyamba amalemba ndi zilembo zazikulu kuti "akuganiziridwa", tsiku limene dokotala kapena khoti lanena zenizeni, salembanso, chifukwa "sizinali gasi" si nkhani yogulitsa. Mu Malichi 2020 Pulezidenti Edgar Lungu anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa pa nkhani ya magasa. Pa 18 Malichi boma linalengeza odwala korona oyamba, ndipo magasa anangozimirira m'nkhani ngati mame. Ife a mawisulo tinasiya kulondera sabata yomweyo. Achibale athu a ku Mulanje ndi ku Phalombe anadutsa momwemo ndi anamapopa mu 2017, moti aphiri anabwera kale, ife sitinamve.

Ndisaname, pena ndimaganiza kuti tinkakondanso kulondera kuja. Amuna amene sankapatsana moni anakhala pamoto umodzi, aliyense akudziona ngati msilikali. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga amayi muwauze chiyani?

Majanki alipo, ndipo amalandadi mafoni, makamaka m'tauni ndi pokwerera mabasi kukada. Musawauze amayi kuti n'zabodza, adzaleka kukumverani. Vidiyo ikabwera, khalani nawo n'kufunsa kuti zinachitikira msewu uti, tsiku liti, ndipo anaona ndani. Mudzadabwa kuti ambiri mwa mavidiyowo alibe tsiku, ena ndi a chaka chatha, ena si a Lusaka n'komwe. Yang'anani manambala a galimoto ndi zikwangwani za mashopu. Uthenga wolembedwa Forwarded many times pamwamba wadutsa m'manja ambiri, monga nkhani zanga zisanu zija. Kenako werengani nawo anthu amene mukuwadziwa maina, a mumsewu mwanu ndi a kutchalitchi kwanu, amene aberedwa miyezi itatu yapitayi, kuti, ndi nthawi yanji. Mukapeza kuti atatu alandidwa pakanjira kamodzi cha m'ma 19 koloko, ana asadutse kanjira kameneko nthawi imeneyo, ndipo mukanene kupolisi ya pafupi. Mukapeza kuti palibe, apite kukantemba masana.

Mnyamata wa kubekari uja anasamuka m'komboni mwathu mwezi womwewo. Ndinakumana naye chaka chatha pa Kulima Tower, akudikira basi. Anandipatsa moni bwinobwino, ndikuganiza kuti mumdima muja sanandione nkhope.