Intaneti ya 200 ikamaima pa 94, yang'anani chingwe

"Achimwene, kuno ku Chilenje ndimalipira intaneti ya faiba ya mamegabiti 200. Pafoni, ndikaima pafupi ndi rauta, imafika 180, koma kompyuta yolumikiza ndi chingwe sipitirira 94. Kodi akundibera?"

Bambo, sakukuberani ayi. Nambala ya 94 imeneyo ndimaidziwa bwino, ndipo kawirikawiri mlandu umakhala wa chingwe.

Mukasenda chingwe cha netiweki mupezamo timawaya 8, topotana tiwiritiwiri: ta lalanje, tobiriwira, ta buluu ndi ta bulauni. Kuti rauta ndi kompyuta zilankhulane pa mamegabiti 1,000, timawaya tonse 8 tiyenera kukhala tamoyo. Liwiro la 100 limangofuna 4, ta lalanje ndi tobiriwira. Tsono kabuluu kapena kabulauni kakaduka, intaneti sizima. Zipangizo ziwirizo zimayesa kugwirizana pa 1,000, zikalephera zimatsikira pa 100 mwakachetechete. Palibe malo oimapo pakati, ngati 200 kapena 500. Pa 100 pamenepo mukachotsa kagawo kamene kamapita ku maadiresi ndi zizindikiro za mapaketi, timitolo timene uthenga umayendamo, mumatsala ndi 94 yanuyo.

Mwezi watha ndinaitanidwa ku kashopu kosindikiza mapepala ku Kabwata. Mwiniwake anali atakalipira kale kampani yake ya intaneti kangapo. Ndinatsatira chingwe ndi dzanja kuchokera pa rauta, n'kupeza kuti chimadutsa pansi pa chitseko chachitsulo. Pamenepo chinali chitaphwatalala ngati lamba, ngakhale khungu lake silinang'ambike. Kachipangizo koyezera, kamene kamayatsa timagetsi 1 mpaka 8, kanadumpha nambala 7. Kameneko ndi kawaya koyera ka mizere ya bulauni. Titaika chingwe china n'kuchidutsitsa pamwamba pa felemu, liwiro linabwerera nthawi yomweyo.

Inu simufunika kachipangizoko kuti muyambe. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe:

```
ncpa.cpl
```

Dinani Enter, kenako dinani kawiri pa Ethernet muone mzere wa Speed. Mukaona 100.0 Mbps m'malo mwa 1.0 Gbps, bwerekani chingwe chachifupi chimene mukudziwa kuti n'chabwino, musendeze kompyuta pafupi ndi rauta, muonenso. Zikapanda kusintha, ndiye kuti mwina pobayira pa rauta kapena pa kompyuta m'pa 100 chipangidwire, ndipo chingwe chilibe mlandu.

Pogula china, kwezani kamutu kake koonekera mkati kaja poyera, muwerenge timawaya. Zingwe zina zotchipa zimabwera ndi 4 tokha, zili zatsopano m'pepala. Zinanso n'za aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa zimathyokera mkati zikapindidwa kangapo, munthu osaona kanthu kunja. Funsani cha kopa weniweni cholembedwa Cat5e kapena Cat6, chisapitirire mamita 100. Ngati mmisiri akukumangirani mitu yekha, muuzeni asamasule kupotana kwa timawaya kuposa mamilimita 13, chifukwa kupotanako n'kumene kumateteza uthenga kuti usasokonezedwe ndi wa timawaya tinzake.