Kodi "variyansi" tiziti chiyani pa Chichewa?

Funso: Ndine wowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimafotokozera mamanijala lipoti la zachuma. Ndikati "variyansi" amangondiyang'ana. Kodi Chichewa chake n'chiyani?

Yankho: Ambiri amathamangira mawu akuti "kusiyana", ndipo sindikuwatsutsa, pakuti variyansi ndi mpata umene uli pakati pa ndalama zimene munakonza m'bajeti ndi zimene zalowadi kapena kutulukadi, koma mawuwa ndi aulesi chifukwa sanena mbali imene ndalama zapendekera. Chichewa chimakonda aneni, ndipo aneni amene mukuwafuna ndi awiri: kupitirira ndi kuperewera. Malemu agogo anga ankati akasuzumira m'nkhokwe ankangonena kuti "chaperewera", ndipo aliyense pakhomo ankadziwa kuti chimanga sichifika pomwe tinkayembekezera. Mneniyu amasenza yekha muyeso umene mukuyerekezera, ndipo kwa inu muyesowo ndi bajeti.

Tiyerekeze kuti pa miyezi ya Epulo mpaka Juni munakonza zogula malita 2,400 a dizilo pa K2,500 lita imodzi, zomwe ndi K6,000,000, koma mwagula malita 2,500 pa K2,880, ndipo zonse zakwana K7,200,000. Auzeni kuti: "Pa mafuta tapitirira bajeti ndi K1,200,000, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse imene tinakonza tawonjezerapo K20." Musaimire pomwepo, chifukwa manijala akufuna kudziwa ngati vuto ndi madalaivala ake. Malita 100 owonjezerawo, pa mtengo wa m'bajeti, ndi K250,000 yokha, pamene K950,000 yotsalayo yadza chifukwa lita iliyonse mwa malita 2,500 yakwera ndi K380. Choncho munene kuti gawo lalikulu ndi kukwera kwa mtengo, ndipo gawo limene iye angathe kuliwongolera ndi la maulendo ochuluka.

Chimene chimandinyansa ndi chizolowezi chotcha kusiyana kwina "kwabwino" ndi kwina "koipa", potsatira mabuku a Chingerezi. Ngati ndalama zokonzera galimoto zatsalako K800,000 chifukwa makaniko sanatumizebe invoisi ya ntchito ya mu Juni, palibe chabwino chachitika, ngongoleyo yangochedwa kulowa m'mabuku ndipo idzaonekera mu Julayi. Pamenepo nenani kuti "zatsala chifukwa ngongole sinalembedwe", ndipo mawu akuti "tapulumutsa" muwasungire ndalama zimene sizidzatulukanso. Kumbukiraninso kuti kupitirira pa zogulitsa n'kosangalatsa pamene kupitirira pa zowononga n'kodandaulitsa, motero nthawi zonse tchulani chinthu chimene chapitiriracho.

Mawu akuti "bajeti" ndawalola, pakuti ngakhale amayi a pamsika amawanena, ndipo "ndondomeko ya zachuma" imatopetsa pakamwa. Koma "taluza" ndimawakana, popeza "tataya" alipo ndipo amaluma bwino. Mawu akuti "phindu", amene ine ndimakhulupirira kuti ndi mwana wa "kupindula", muwagwiritse ntchito mosamala: katundu wogulitsidwa pa ngongole amalowa m'phindu la lipoti ngakhale kubanki kusanafike tambala, choncho manijala akamva za phindu la K5,000,000 muwauzenso kuti zingati mwa izo zikadali m'manja mwa makasitomala.