Mauthenga afufutika okha pa WhatsApp, angabwerenso?

"Abale ndithandizeni. Ndinabwereketsa mnzanga K150,000, tinapangana pa WhatsApp kuti adzabweza mwezi ukatha. Lero ndatsegula macheza athu ndapeza mbee, kwangotsala kamzere konena za Disappearing messages, masiku 7. Pali njira yowabwezera?"

Pepani kwambiri achimwene, ndalama imeneyi si yochepa. Ndikuuzeni zoona pachiyambi pomwe: uthenga umene nthawi yake yakwana n'kufufutika subwereranso. Komabe pali malo angapo amene mawu ake amatha kutsalira, ndiye musanataye mtima tiyeni tione.

Pa WhatsApp munthu amasankha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo pa macheza a anthu awiri aliyense angathe kutchera nthawiyi. Uthenga uliwonse umakhala ndi wotchi yakeyake, imene imayamba kuwerenga pamene uthengawo watumizidwa, osati pamene mwauwerenga. Tiyerekeze kuti mnzanuyo anatchera masiku 7 Lolemba m'mawa, n'kulemba kuti "ndidzabweza pa 30" Lachiwiri 9 koloko usiku. Lachiwiri la sabata yotsatira, nthawi ngati yomweyo, uthengawo unachoka m'foni mwake ndi mwanu momwe, ngakhale mukanakhala kuti simunautsegule n'komwe. Pa Signal n'zosiyana, chifukwa kwa wolandira wotchi imadikira kuti awerenge kaye.

Chofunika apa n'chakuti mauthenga amene munalemberana nthawiyi isanatcheredwe sakhudzidwa. Kwerani pamwamba pa kamzere mukunenako. Ngati anayamba kupempha ngongoleyi tsikulo lisanafike, mawu akewo alipobe.

Ambiri akuuzani kuti chotsani WhatsApp, muikenso, mubwezeretse bakapu ya pa Google Drive. Chonde musathamangire zimenezo. N'zoona kuti bakapu yochitika uthenga usanafufutike imakhala nawo, koma pobwezeretsa, WhatsApp imaona kuti masiku ake anadutsa n'kuuchotsanso. Mungotha bandulo, mwinanso kutaya mauthenga atsopano amene sanalowe m'bakapuyo. Kulembera eni ake a WhatsApp sikuthandizanso, poti uthenga ukangofika pa foni ya wolandira iwo sausunga, komanso umayenda wotsekedwa moti iwowo sangauwerenge.

Yang'anani kaye mauthenga amene atsala. Mukayankha uthenga pougwira mawu, kabokosi ka mawu a mnzanuyo kamatha kukhalabe pamwamba pa yankho lanu mpaka yankholo nalonso litafufutika. Kumbukiraninso ngati munatumizako uthengawo kwa akazi anu kapena kwa mbale wanu kuti aone. Uthenga wotumizidwa ku macheza amene alibe wotchi umakhala komweko osachoka. Kenako dinani dzina la mnzanuyo pamwamba, muone ngati pali Kept messages. Kuyambira 2023 munthu angathe kudina uthenga kwa kanthawi n'kusankha Keep kuti usafufutike, ngakhale kuti woutumiza amadziwitsidwa ndipo ali ndi mphamvu yokana. Ngati mmodzi wa inu anachitapo zimenezi, muupeza mmenemo.

Za Notification history ya pa Android, mndandanda wa zidziwitso zobwera pa foni umene ena amautchula, musayembekezere zambiri. Imasunga za maola 24 apitawa okha, ndipo imayenera kukhala kuti inayatsidwa kale. Kwa inu masiku apita.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene akulemberani kumbali mukangofunsa funso ngati ili. Msuweni wanga zinamuonekera: wina anamulonjeza kuti abweza zonse, anamuuza kuti atumize ndalama pang'ono, kenako anapempha nambala zisanu ndi imodzi zimene zinabwera pa meseji. Atangozitumiza, WhatsApp yake inatuluka m'foni mwake, ndipo madzulo omwewo abale ake anayamba kulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lake. Nambala zimenezo musapatse munthu aliyense. Mapulogalamu olonjeza kubweza mauthenga nawonso ambiri amangokopera zidziwitso zobwera mutawaika kale, zakale sangazipeze.

Umboni wa ngongole yanu uli kwinanso. Ngati munatumiza ndalamazo pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, meseji yotsimikiza ili ndi tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya wolandira, ndipo wotchi ya WhatsApp siikhudza. Ijambuleni lero. Mukatero lowani pa dzina la mnzanuyo, pa Disappearing messages musankhe Off. Iye aona kuti mwazimitsa, ndipo angathe kuyatsanso, choncho muziyang'ana kamzere kaja. Kenako mulembereni mwaulemu kuti, "Achimwene, K150,000 ija paja tinati mubweza pa 30 eti?" Akangoyankha, jambulani sikirinishoti pomwepo, dzina lake ndi tsiku zikuoneka, muitumizenso ku foni ya munthu wina amene mumamukhulupirira.