Kuwunikira alaliki mosawakhumudwitsa

"Tingawauze bwanji alaliki athu pamene ulaliki sunayende bwino, popanda kuwakhumudwitsa?"

Musawauze Lamulungu pakhomo la tchalitchi, chifukwa munthu amene wangotsika kumene pa guwa amakhala wotopa, ndipo mawu ochepa okha amamulasa mtima. Sankhani anthu atatu, mwina mkulu wa mpingo, mayi wa Mvano ndi wachinyamata mmodzi, kuti pamodzi mukumane ndi mlalikiyo Lachiwiri pambali. Poyamba aliyense anene mfundo imene anapita nayo kunyumba. Ngati atatuwo atchula zosiyana, mlalikiyo adzaona yekha kuti uthenga unabalalika.

Kenako tchulani chinthu chimodzi chokha choti akonze. Mawu akuti "munatalikitsa" sathandiza kwenikweni, koma mukanena kuti, "Abusa, nkhani ya maliro ija inatenga mphindi 15 ndipo sitinabwererenso ku Luka 15," adzadziwa pokonza.